Mwafunsa alimi 400 koma lipoti lanu anthu akulikana? Yang'anani m'mene munawasankhira

Vutoli limabwera pafupifupi chaka chilichonse anthu akangokolola. Bungwe lapanga kafukufuku wa alimi kuno ku Angoniya, anyamata ayenda ndi matabuleti masabata awiri, mafomu 400 adzadza bwinobwino, lipoti latuluka kuti mabanja 70 pa 100 alionse amathira feteleza mu chimanga. Nde kukaliwerenga pa msonkhano ku Ulongwe mlangizi wina wa mbali ya ku Domwe, amene wakhala m'midzi imeneyo zaka zambirimbiri, angoseka nkufunsa kuti a shefi, alimi amenewa munawapeza kuti? Anthu amathamangira kukaona masamu mu kompyuta kuti mwina fomula yalakwika, pomwe nthawi zambiri masamu amakhala ali bwino, cholakwika chinachitika kale tsiku limene munasankha khomo loti mugogode.

Ine ntchito imeneyi ndinailakwitsapo ndekha, nde zimene ndikulemba pano ndi m'mene ndimafufuzira tsopano zikavuta. Manambala a mu chitsanzochi ndawazunguliza dala kuti masamu aziyenda mosavuta, musawatenge ngati ziwerengero za boma ayi. Tiyerekeze kuti dera la pulojekiti lili ndi midzi 120, mabanja olima 12,000, ndipo funso lalikulu ndi loti ndi angati amathira feteleza.

Choyamba chimene ndimafunsa ndi choti maina a anthu ofunsidwa anachokera kwa ndani. Yankho limakhala lomwelomwe, tinafika kwa amfumu kapena kwa a sekeretariyo nkupempha mndandanda, kapena tinatenga kaundula wa mlangizi. Sikuti anthu amenewa amanama, koma kaundula aliyense analembedwa pa chifukwa chake. Wa mlangizi uli ndi alimi a m'magulu, amene amabwera ku munda wachitsanzo, amene analandirapo mbewu. Wa kampani ya fodya uli ndi alimi a kontirakiti amene amatenga feteleza pa ngongole. Wa amfumu nthawi zambiri ndi wakale, ana amene anakwatira dzana mulibe, mkamwini wobwera kuchokera tsidya la Malawi mulibe, gogo wamasiye wokhala kuseri kwa dambo anamuiwala. Nde taonani chimachitika. Mudzi uli ndi makomo 150 koma pa pepala pali 100. Mwa 100 olembedwawo 70 amathira feteleza, mwa 50 osalembedwawo amathira ndi 10 okha. Zoona za mudziwo ndi 80 mwa 150, kumene kuli 53 pa 100, koma inu mupeza 70, ndipo ngakhale mutafunsa onse 100 a pa pepalawo mupezabe 70 yomweyo. Apa mpamene ambiri samvetsa, amaganiza kuti akaonjezera anthu ofunsidwa cholakwikacho chichepa. Sichichepa, chimangooneka ngati chotsimikizika kwambiri.

Mungadziwe bwanji kuti ndi zimenezi zakuchitikirani? Ngati munagwiritsa KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu odzazira mafomu pa tabuleti, ndipo fomu inali ndi GPS, tsegulani mapu muone madontho. Akakhala kuti andanda m'mbali mwa msewu wa tala ngati mikanda pa ulusi, kapena aunjikana pozungulira sukulu ndi nyumba ya amfumu pomwe pa chithunzi cha setilaiti mukuona madenga ena kutali kumapiri opanda dontho ndi limodzi lomwe, basi mwapeza. Ine tsiku lina ndinapeza mafomu 14 onse ali pa dontho limodzi, kufunsa mnyamatayo akuti amfumu anaitanitsa anthu pansi pa mtengo wa mango kuti asativutitse kuyenda. Anachita mwaulemu ndithu, koma amene amabwera pa mtengo wa mango ndi amene ali pafupi, amene ali ndi nthawi, ndi amene amagwirizana ndi amfumuwo. China, werengani mabanja amene mutu wake ndi mayi, komanso kukula kwa banja, mufananize ndi zimene INE, bungwe la boma loona za ziwerengero, inapeza m'boma lanulo pa kalembera wa 2017. Sizingafanane ndendende poti papita zaka, koma ngati kwa inu amayi oyang'anira okha banja akuoneka ochepa kwambiri, dziwani kuti alipo amene mwawadumpha. Onaninso maina, mfunda umodzi ukachuluka mopitirira m'mudzi wa mitundu yosakanikirana pali nkhani.

Mankhwala ake ndi otopetsa koma palibe njira ina, mumalemba nokha makomo onse a m'mudzi umene wasankhidwa musanafunse aliyense. Anthu awiri, mmodzi wa timu yanu ndi mmodzi wa m'mudzimo wodziwa malire, bwino atakhala shefi wa nyumba khumi wa chigawo chimenecho, ayende khomo ndi khomo kulemba nambala, dzina la mutu wa banja, ndi kuti amalima kapena ayi. Mudzi wa makomo 150 ogundana umatha tsiku limodzi, omwazikana awiri. Amfumu musawadumphe, muyambe kwa iwo mwaulemu wake, muwafotokozere kuti maina asankhidwa ndi maere ndipo ngati nkotheka maerewo achitike iwo akuona, zimachotsa manong'onong'o oti mwakondera. Ndipo munene poyera kuti kulembaku si kwa chithandizo, apo ayi khomo limodzi lisanduka atatu, mwana wa zaka 16 naye akhala mutu wa banja. Mugwirizanenso tsiku la maphunziro lomwelo kuti banja ndi chani. Ife timati anthu odya mphika umodzi. Bambo wa mitala amene akazi ake aliyense ali ndi munda wake, nkhokwe yake ndi mphika wake, amenewo ndi mabanja awiri, bamboyo mumuwerengere kumodzi kokha. Zikapanda kunenedwa wofunsa aliyense apanga zake.

Tsopano nkhani ya nambala, chifukwa funso loti tifunse anthu angati ndi limene limabwera koyamba ngakhale kuti silofunika kuposa la pamwambali. Fomula imene aliyense amaidziwa ndi iyi:

```
n = 1.96^2 * p * (1 - p) / e^2
p = 0.5, e = 0.05
n = 385
```

Apa n ndi anthu oyenera kufunsidwa, p ndi gawo la alimi amene mukuganiza kuti amathira feteleza, mukapanda kudziwa mumaika 0.5 poti ndi imene imapereka nambala yaikulu kuposa zonse, ndipo e ndi m'mene mukulolera kuphonya, 0.05 kutanthauza kuti mukapeza 53 zoona zili penapake pakati pa 48 ndi 58. 1.96 ija ndi ya chitsimikizo cha 95 pa 100. Nchifukwa chake paliponse mumamva 384, 385, kapena 400 akazunguliza. Anthu ena amadabwa kuti bwanji simunafunse kuti dera lili ndi mabanja angati, amafuna lamulo la 10 pa 100 alionse. Lamulo limenelo kulibe. Ndiwo zikatakasidwa bwino mumalawa supuni imodzi kaya mphika ndi waung'ono kaya ndi wa pa ukwati. Pa mabanja 12,000 fomula yochepetsera imangotsitsa 385 kufika 373, nde sindivutika nayo, imayamba kuthandiza dera likakhala la mabanja ochepa ngati 1,000.

Koma mawu oti zikatakasidwa bwinowo ndi pamene pagona nkhani. 385 ija imagwira ntchito ngati mwalemba maina onse 12,000 pa timapepala, kuponya mu chidebe, kutakasa nkutola limodzi limodzi, wina agwere ku Domwe wina kufupi ndi malire a Dedza wina kwinakwake kopanda msewu. Palibe amachita zimenezo, mafuta a galimoto sangakwane. Chimene timachita ndi kusankha midzi kaye kenako makomo m'midzimo. Ndipo anthu a mudzi umodzi amafanana, dothi ndi limodzi, mvula inagwa kapena kudula tsiku limodzi, mlangizi ndi mmodzi, mtunda wopita ku sitolo ya feteleza ndi umodzi. Munthu wa 40 amene mwamufunsa m'mudzi womwewo akukuuzani zambiri zimene wachitatu anakuuzani kale. Kutayika kumeneku kumawerengedwa chonchi:

```
deff = 1 + (m - 1) * rho
```

deff ndi nambala imene mumagawira mafomu anu kuti mudziwe mphamvu yake yeniyeni, m ndi makomo amene mwafunsa pa mudzi umodzi, rho ndi muyeso wa kufanana kwa anthu a mudzi umodzi pa funso limenelo, 0 ngati safanana nkomwe, 1 ngati onse amayankha chimodzimodzi. Ngati muli ndi deta ya kafukufuku wam'mbuyo rho mungaiwerengere kuchokera m'menemo, ngati mulibe ine ndimayamba ndi 0.1 pokonza mapulani, ndikudziwa kuti pa zinthu zoyendera mudzi ngati feteleza, kuthirira kapena kulima fodya ikhoza kukwera kuposa apo.

Nde ife chaka chimene tinalakwitsa chija tinatenga midzi 8, makomo 50 pa mudzi, 400 yakwana, aliyense wosangalala poti timu imagona malo amodzi masiku awiri osasuntha. Ikani mu fomula, 1 kuphatikiza 49 kuchulukitsa ndi 0.1, deff ndi 5.9. Gawani 400 ndi 5.9 mupeza 68. Ndiye kuti mafomu 400 aja mphamvu yake inali ngati ya anthu 68 otoledwa mu chidebe, ndipo kuphonya kwake sikunali 5 ayi koma pafupifupi 12 mbali iliyonse. Ukapeza 53 zoona zikhoza kukhala 41 kapena 65, nde ungauze chani munthu ndi nambala yotero? Chizindikiro chake mu deta nchosavuta kuona, werengani yankho mudzi ndi mudzi. Mukaona mudzi wina 85 wina 20 wina 60, ndipo mukachotsa mudzi umodzi wokha nambala ya dera lonse ikudumpha ndi 5 kapena 6, midzi yanu yachepa.

Mafomu 400 omwewo mukawamwaza m'midzi 40, makomo 10 pa mudzi, deff imatsika kufika 1.9, mphamvu yake ikhala ngati anthu 210, kuphonya pafupifupi 7. Mapepala omwewo, ofunsa omwewo, chasintha ndi mafuta ndi masiku oyenda basi. Ngati abwana akukakamira 5 weniweni ndiye 385 kuchulukitsa ndi 1.9 ikupereka 732, kenako mugawe ndi 0.9 poyembekezera kuti khomo limodzi mwa 10 simudzalipeza, zikhala 813, tingoti midzi 82 ya makomo 10. Apa mpamene mumakhala pansi ndi wa ndalama nkumuonetsa mitengo iwiri, 7 pa midzi 40 kapena 5 pa midzi 82, asankhe yekha. Kunena zoona pa mapulojekiti ambiri 7 amakwana. Chimene sindivomera ndi kulipira za midzi 8 nkulemba mu lipoti kuti kuphonya ndi 5. Ndipo samalani, nambala imeneyi ndi ya dera lonse pamodzi. Tsiku lomaliza wina akadzati tipatseni za Ulongwe pazokha, za Domwe pazokha, za amayi pazokha, chigawo chilichonse chikhala ndi mafomu ochepa ndipo kuphonya kukula. Ngati zigawozo zikufunikadi zinenedwe poyamba, chilichonse chiwerengeredwe sampulo yake, kutanthauza makomo ake oti afunsidwe.

Midzi 40 ija isankhidwa bwanji? Osati ndi dalaivala chonde, dalaivala amasankha kumene galimoto siititimira. Osatinso kungotola maina a midzi mu chipewa, chifukwa mukatero mudzi wa makomo 40 ndi wa makomo 250 ali ndi mwayi wofanana, nde mukatenga 10 paliponse anthu a m'midzi ing'onoing'ono achuluka mu sampulo kuposa m'mene alili. Njira yake ndi yoti mudzi waukulu ukhale ndi mwayi waukulu. Lembani midzi yonse 120 mu Excel, muisanje motsata malo, lokalidadi ndi lokalidadi, kuti sampulo imwazike yokha dera lonse. Pambali ikani makomo a mudzi uliwonse, pambali inanso muziphatikiza motsika. Gawani 12,000 ndi 40, mupeza 300, umenewo ndiye mpata wodumpha. Kenako maere a poyambira:

```
=RANDBETWEEN(1,300)
```

Ngati Excel yanu ndi ya Chipwitikizi lembani `=ALEATÓRIOENTRE(1;300)`. Nambala ikatuluka ilembeni pa pepala nthawi yomweyo pamaso pa mnzanu, chifukwa imasintha mukangolemba mu selo ina, komanso kuti pasakhale zobwereza maere mpaka itagwera midzi ya pa msewu, zimachitika zimenezi musaseke. Tinene kuti yatuluka 137. Manambala anu ndi 137, 437, 737, 1,037 mpaka akwane 40. Mudzi woyamba uli ndi makomo 80, ukutenga 1 mpaka 80, wadumphidwa. Wachiwiri uli ndi 150, ukutenga 81 mpaka 230, 137 yagwera m'menemo, wasankhidwa. Wachitatu wa makomo 60 ukuthera pa 290, ayi. Wachinayi wa 210 ukutenga 291 mpaka 500, muli 437, wasankhidwa. Choncho mpaka pansi. Mudzi woposa makomo 300 sungadumphidwe ndipo pena umagweredwa kawiri, zikatero mutengemo makomo 20.

M'mudzi muja mwalemba makomo, njira ndi yomweyo. Makomo 150 kugawa ndi 10 ndi 15, maere pakati pa 1 ndi 15, yatuluka 6, nde mufunsa khomo nambala 6, 21, 36, 51 mpaka 141. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti khomo lililonse m'dera lonse limakhala ndi mwayi wofanana, limodzi mwa 30, nde fomu iliyonse ikuimira mabanja 30 ndipo masamu ake savuta. Koma mukapeza kuti mudzi umene pa pepala unali ndi 150 poyenda mwapeza 190, musadandaule ndipo musaonjezere mafomu, funsani 10 omwewo ndi mpata wa 19, kungoti polemba lipoti fomu iliyonse ya mudzi umenewo iimire mabanja 38, kumene kuli 30 kuchulukitsa 190 kugawa 150. Nchifukwa chake mapepala olembera makomo aja sayenera kutayidwa, ine ndimawajambula pa foni tsiku lomwelo.

Mwasankha bwino midzi, mwasankha bwino makomo, koma zikhoza kuonongekabe pa khomo penipeni. Wofunsa wafika pa nambala 36 nthawi ya 9 m'mawa, pakhomo pali ana ndi nkhuku, eni ake ali ku dimba. Mota ikudikira, dzuwa likuwawa, pafupi pomwepo pali bambo wina wakhala pa khonde akumvera wailesi, nde amangoti aa banja ndi banja nkufunsa ameneyo. Koma taganizani amene amapezeka pakhomo m'mawa ndi ndani, ndi amene ali ndi aganyu kumunda, wa kagolosale, wopuma pa ntchito. Amene sapezeka ndi amene wapita kukagwira ganyuyo, mayi amene ali yekha ndipo munda ndi msika zonse ndi zake, banja limene lasamukira ku munda wakutali nyengo yokolola. Kusinthanitsa koteroko kumakokera nambala mbali imodzi nthawi zonse, ya anthu opezako bwino.

Lamulo limene timatsata ndi loti wofunsa alibe mphamvu yosintha khomo. Abwerere katatu pa nthawi zosiyana, m'mawa kwambiri, madzulo anthu akaweruka, ndi tsiku lina, ndipo ulendo uliwonse ulembedwe. Ngati munda uli pafupi amutsatire komweko. Zikakanika fomuyo itsekedwe kuti sanapezeke kapena anakana, ndi chifukwa chake, paja tinagawa ndi 0.9 kuti tikhale ndi malo a zoterezi. Pokonza ulendo funsani masiku a msika a dera limenelo ndipo mukamva kuti kuli maliro sinthani tsiku osati mudzi. Poona deta, wofunsa amene mafomu ake onse ndi opezeka ulendo woyamba, palibe ndi mmodzi yemwe wosowa pomwe anzake akusowa awiri pa khumi, ameneyo si wamwayi ayi, tumizani woyang'anira abwerere pa makomo ake atatu kapena anayi akafunse ngati kunabweradi munthu ndipo anacheza ndi ndani. Onaninso nthawi imene tabuleti inalemba, fomu ya mphindi 45 ikamatha mu mphindi 9 mukudziwa kale.

Chimodzimodzi ndi mudzi wonse. Mlatho ukakokoloka ndipo mudzi wosankhidwa sukufikika, kutenga mudzi wa tsidya lino mwakachetechete ndi kulakwa komwe kuja koma kwakukulu, poti mudzi wosafikikawo ndi umenenso feteleza safika. Ngati nkotheka pitani pa mota kapena wapansi, kapena muusiye mudzaupitire kumapeto madzi akaphwa. Ichi ndi chifukwa china chimene kafukufuku wa zokolola timamuika cha mu Juni ndi Julaye, misewu yauma, chimanga chalowa mu nkhokwe ndipo mlimi akukumbukirabe ngolo zimene anatuta. Mukachedwa mpaka Okutobala ena agulitsa, ena adya, manambala ayamba kukhala ongoganizira. Zikakanikiratu lembani mu lipoti dzina la mudziwo ndi chifukwa chake, owerenga adziwe kuti nambala yanu ikunena za midzi 39 yofikika.

Nanga ngati kafukufuku wachitika kale ndipo ndalama zatha? Zimatengera chimene chinalakwika. Ngati vuto ndi midzi yochepa chabe koma inasankhidwa ndi maere, deta ndi yabwinobwino, mungowerengeranso kuphonya moona mtima. Mu Stata mumauza pulogalamu kuti anthu anatengedwa m'midzi:

```
svyset mudzi [pweight=kulemera]
svy: proportion feteleza
estat effects
```

Apa kulemera ndi mabanja amene fomu iliyonse ikuimira, ngati 30 kapena 38 uja. Mzere womalizawo ukuonetsani deff yeniyeni ya deta yanu, muisunge poti ndi imene mudzapezere rho ya chaka chamawa. Koma ngati maina anachokera mu kaundula wa mlangizi kapena pansi pa mtengo wa mango, palibe lamulo la mu kompyuta limene lingabweretse anthu amene sanafunsidwe. Chimene mungachite ndi kusintha mutu wa lipoti unene zoona, kuti izi ndi za alimi a m'magulu osati za alimi onse a dera. Ife tinachita zimenezo, kenako tinapempha ndalama pang'ono nkubwerera m'midzi 4 mwa 8 ija, kulemba makomo onse, ndi kufunsa 10 pa mudzi mwa amene sanali pa pepala loyamba lija. Mafomu 40 sangakonze nambala ya dera lonse, koma anationetsa mbali imene tinaphonyera ndi kukula kwake mongoyerekeza, ndipo tinawaika pa tsamba lawolawo mu lipotilo osawasakaniza ndi 400 aja.